Mlandu wa Drewie m'Makutu a Mayi Garriock

Pafakitale ya nsomba ya pachilumba chathu cha Shetland, wantchito akalakwa amaitanidwa kuchipinda chapamwamba kukayankha mlandu, ndipo zonse zoyankhulidwa zimajambulidwa. Kenako mawuwo amatsikira kwa Mayi Ishbel Garriock. Iwo amavala zomvera m'makutu, phazi pakachitsulo koimitsira mawu, n'kulemba mwachidule zimene aliyense ananena. Saonjezera mchere. Munthu akalira mumlandu, misozi yake simuipeza papepala. Anthu amati mayiwa mtima anausiya mufiriji ya nsomba, koma ankanama. Mtima unalipo, ndipo unkasunga munthu mmodzi.

Munthuyo anali Drewie Mouat, kapitawo. Ndi amene kalekale ananamizira amuna awo, a Lowrie, kuti abwera kuntchito ataledzera. A Lowrie anachotsedwa ntchito, anangokhala pawindo kuyang'ana maboti mpaka imfa inawapeza. Kumaliro Drewie anabwera, anadya makeke, anapemphanso tiyi wachiwiri. Zimenezo Mayi Garriock sanaziiwale.

Ndiye tsiku linakwana. Drewie anaimbidwa mlandu wochotsa chotchinga pamakina odulira nsomba kuti ntchito ithamange, mpaka mayi wina anadulidwa chala. Mayi Garriock anapita kwa abwana, a Isbister, amene ankaweruza mlanduwo.

“Bwana, munthuyu ndimadana naye. Pezani wina alembe.”

“Tamufunsa mwiniwake,” anatero a Isbister. “Wati mulembe inuyo, alibe nanu chifukwa.”

Mayi Garriock anadabwa, koma anavala zomvera zija. Chala chilichonse chinkayabwa. Drewie ankayankha mwamwano, ndipo mawu oti “anazemba funso” ndi “ananama” ankangodzibweretsa okha. Mayiwa ankawalemba, n'kuwayang'ana mokhutira, n'kuwafufuta.

Pakati pa mlandu a Isbister anati apume kaye. Mipando inakokedwa, chitseko chinatsekedwa, koma makina ojambulira anawaiwala osazimitsa. Phazi la mayiwa lisanafike pakachitsulo, anamva Drewie akuseka ndi womuimira wa kubungwe la antchito.

“Iwe usadandaule. Kagogo kaja kandipulumutsa. Kakalemba ndi ukali, ife tikachita apilo kuti lipoti n'lokondera, basi nkhani yatha.”

“Tatseka pakamwapo, Drewie,” anatero mnzakeyo.

Mayi Garriock anavula zomvera. Anakwiya mpaka makutu kutentha. Kani chidani chawo ndicho chinali khomo lothawira la Drewie! Anamwa tiyi wosathira shuga ataimirira, n'kulumbira chamumtima kuti khomo limenelo alikhoma ndi misomali.

Za nthawi yopuma analemba mzere umodzi: msonkhano unaima, kenako unayambiranso. Zokambirana za munthu ndi womuimira si mbali ya mlandu. Anangodziwitsa a Isbister kuti makina anatsala osazimitsa, ndipo chigawocho chisamvedwe. Zinawawawa, poti kuseka kuja kukanamumaliza Drewie.

Chowawa kwambiri chinali kutsogolo. Drewie ananena kuti anadandaulapo kawiri kuti chotchingacho chimakanirira, ndipo mboni ina inavomereza kuti inamumva. Mfundo yomuthandiza imeneyo. Mayi Garriock akanatha kuifinya kuti isaoneke bwino, koma anailemba yonse, pamalo pake, akukukuta mano. Analembanso zimene ananena mayi wodulidwa chala uja, kuti Drewie anachotsa chotchinga ndi manja ake. Paliponse ankangoti “anati”, “anafunsa”, “anayankha”. Pamapeto analemba kuti wapampando anati chigamulo chidzaperekedwa m'kalata, ndipo anasiyira pomwepo.

Lipoti linapita kumbali zonse ziwiri kuti aone ngati pali cholakwika. Mawa lake Drewie anatulukira muofesi mwawo, mapepala atakwinyika m'manja. Zinkaoneka kuti wawerenga kambirimbiri, kusakasaka liwu limodzi loluma, osalipeza.

“Mwalemba bwinotu, Ishbel,” anatero. “Ngakhale za chotchinga zija mwaikamo.”

“Munanena, ndiye ndalemba. Pali poti tikonze?”

“Palibe.”

“Sainani pamunsipo.”

Anasaina. Koma sanachoke. Bambo wamkulu uja, amene ankakalipira anthu mpaka mbalame za padoko kuuluka, anaima ngati mwana wosowa amake pamsika.

“Inu mwamva milandu yambiri. M'kuona kwanu... andichotsa?”

Mayi Garriock anamuyang'ana bwinobwino, osathamanga. Ankafunitsitsa kumuuza kuti inde, ayambe kusankhiratu windo. Komabe chigamulo sankachidziwa, ndipo anaona kuti kusadziwako kukumudya Drewie kuposa mwano uliwonse. Anasangalala, tisabise.

“A Mouat,” anatero akubwezera zomvera m'makutu, “ine ndimalemba zimene zanenedwa. Pitani mukadikire kalata yanu.”