Nsalu Imene Mai Zipora Sananyike

Ku Chinsapo aliyense amawadziwa Mai Zipora chifukwa cha manja awo. Zikhadabo zawo ndi zabuluu, ndipo ngakhale atazikwecha ndi mwala sizingayere. Anabwera kuchokera ku Dowa ali mtsikana, atakwatiwa ndi mmisiri wa njerwa amene pambuyo pake anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Chimene chinawalerera ana ndi kunyika nsalu. Amagula nsalu yoyera, kuipinda, kuimanga ndi ulusi, n'kuiviika mu utoto wosakaniza ndi mankhwala owotcha khungu otchedwa kositiki. Akaimasula, mitundu imakhala italowererana ngati mafuta pamadzi, ndipo palibe nsalu ziwiri zofanana. Ankanyadira zimenezo, mwinanso mopitirira muyeso.

Koma kashopu kawo kanali kobisika kuseri kwa chigayo, ndipo malonda ankayenda mwakamodzikamodzi. Ndiye kunabwera mlamu wawo Trevor, amene ali ndi kompyuta ndi makina osindikizira ku Biwi, munthu wamtima wabwino koma wosamva za mnzake.

"Alamu, masiku ano bizinezi ndi posita," anatero Trevor. "Ndipatseni nsalu imodzi, muona."

Anamupatsa yokongola koposa, yabuluu yokhala ndi mawanga achikasu. Trevor anaiyala pamthunzi n'kuijambula pafoni. Ku Biwi anafufuta zonse za kumbuyo, fumbi ndi malata adzimbiri, n'kulowetsa chithunzicho mu pulogalamu imene imachisandutsa chojambula ngati cha pamanja. Nthawi iliyonse chinkatuluka china. Anasankha chimene chinamusangalatsa, n'kulembapo yekha dzina ndi nambala ya foni, poti pulogalamuyo imasokoneza zilembo.

Posita inabwera yowala ngati ya kampani yaikulu. Mai Zipora anaiyang'ana nthawi yaitali. Mawanga awo aja, osakhala bwino m'mphepete, anali atasanduka maluwa ofanana, lililonse ndi mzere wakuda wolizungulira.

"Koma iyi si nsalu yanga, alamu."

"Ndi yomwe ija, yangosamba basi," anaseka Trevor, uku akukhoma posita pakhoma la chigayo.

Kunena zoona, posita inagwira ntchito. Anthu amene ankangodutsa anayamba kukhotera kuseri kwa chigayo. Pakati pawo panali Mai Edna, mtsogoleri wa kwaya ya amayi ku Kawale, amene ankafuna yunifomu ya chikondwerero cha makwaya. Kwaya ikavala nsalu yako, mipingo yonse imafunsa kuti wanyika ndani. Mwayi wotere Mai Zipora anali ataudikira moyo wawo wonse.

"Tikufuna iyi, mayi," anatero Mai Edna, chala chili pa posita. "Ndendende."

Mai Zipora anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Koma anangoti, "Ndiyesetsa."

Ndipo anayesetsadi. Anamanga ulusi mpaka zala kutupa. Anasoka maluwawo ndi singano asananyike. Anayesa kupaka sera ya makandulo kuti utoto usadutse, koma sera inang'aluka, utoto n'kulowa m'ming'alu. Utoto sumva lamulo, umayenda pamene wafuna, ndipo mzere wakuda woonda chonchija sungatuluke m'beseni. Magolovesi anabooka, kositiki n'kuwadya pakati pa zala. Anabwerera kwa Trevor kuti akonze posita ifanane ndi nsalu, koma pulogalamu inangotulutsa maluwa ena, okongola kuposa oyamba. Tsiku limenelo analira mu minibasi, osasamala kuti akuwaona ndani.

Mai Edna atabwera kudzaona, anatembenuza nsalu zija pamodzi ndi mnzawo wa kwaya, n'kuyang'anizana.

"Pepani mayi," anatero Mai Edna, "izi zachita kusuluka. Kapena amene ananyika ya pachithunziyo anachoka?"

Mai Edna sanakalipe. Anangojambula posita ija pafoni n'kutsanzika mwaulemu. Zinamveka pambuyo pake kuti anapita nayo m'tauni, kumene makina amasindikiza chithunzi chilichonse pansalu. Loweruka la chikondwerero kwaya ija inadutsa pamsewu wa Likuni italongana mu lole, ikuimba, maluwa achikasu ali waliwali. Mai Zipora anaiona ataima pachigayo, manja atawabisa m'chitenje. Mtima unawawawa kwambiri, chifukwa nsaluyo inalidi yokongola.

Posita ikadali pompo. Akaichotsa palibe amene amakhota, akaisiya aliyense amabwera kudzafuna chimene iwo alibe. Beseni la utoto tsopano amachapiramo zovala.

Posachedwapa kunabwera mtsikana wina wovala bwino, akufuna nsalu ya chinkhoswe. Mai Zipora anatsegula thumba la pansi n'kutulutsa yabuluu ija, yomwe Trevor anajambula, imene anali asanalole kuigulitsa. Anaiyala pathebulo mosamala, n'kuisalaza ndi manja awo azilonda.

Mtsikanayo anayang'ana nsalu, anayang'ana posita, n'kukankhira nsaluyo pambali ndi chala chimodzi.

"Amayi, musandipatse feki. Ndikufuna orijino."