Sefa ya pa thumba la feteleza

Chaka chimenecho alangizi a zaumoyo anadutsa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsaru, kulemba manambala pa zitseko ndi choko kuti adzagawe maneti. Chitseko chathu chinali 60. Aliyense ankadziwa nambala yake ndi ya mnzake.

Amuna anga anali mphunzitsi wa Sitandade 6. Ine sukulu ndinalekezera panjira, koma ntchito zawo za manja ndinkawathandiza. Loweruka lina anandipempha kuti nding'ambe thumba la feteleza, ndilichape, ndilisoke m'mphepete. Litauma analembapo manambala kuyambira 1 mpaka 100, khumi pa mzere uliwonse.

"Iyi ndi sefa, mayi," anatero. "Tisefa manambala ngati ufa."

"Nanga misere yake mudzadya ndinu?"

Anaseka. Anati akufuna kuti patsale manambala okhawo amene sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni. 1 anamuphimba, akuti sawerengedwa. 2 anamuzunguliza, kenaka nkumadula nambala yachiwiri iliyonse ndi cholembera chakuda: 4, 6, 8, mpaka kumapeto. Anazunguliza 3, nandipatsa cholembera chabuluu. Ndinkawerenga atatuatatu, ndikapeza wodulidwa kale nkumusiya. 4 anali atapita kale, ndiye tinalumphira pa 5 ndi chobiriwira.

Panatsala 7. Anati tikatha ameneyu basi, chifukwa wotsatira ndi 11, ndipo 11 kuchulukitsa ndi 11 wapitirira 100. Anatenga chofiira. 14, 21, 28, 35, 42, onse anali odulidwa kale. Woyamba kumupeza wosadulidwa anali 49. Atangomudula, tinamva kulira kumtunda kwa mudzi. Mwana wamkazi wa kalipentala, amene ankadwala malungo, anali atamwalira. Tinasiya thumba lili chipachikire pakhonde, nkuthamangira kumaliro.

Chitseko cha kalipentala chinali 49. Ife sitinaganizeko.

M'mawa mwake adzukulu, pochokera kokumba manda, anadutsa pakhomo pathu ndi makasu awo. Ine ndinali nditabwerera kudzatenga nkhuni, amuna anga akusintha malaya. Ndinamva wina akukuwa panja.

"Taonani! Nyumba zonse za m'mudzi zili pano! Ya maliro aidula ndi magazi!"

Amuna anga anatuluka mabatani asanamange. "Ndi za ana asukulu izi, abale. Dikirani ndikuonetseni."

"Mutionetse chiyani, aphunzitsi? Wotsatira ndani?"

Apa ndi pamene amuna anga analakwitsa, chifukwa anali munthu woyankha zimene wafunsidwa. Anati, "Pa thumbapo kwatsala 77 ndi 91, koma..."

Amene anafunsayo kwawo kunali 77.

Anawamenya ndi mpini wa khasu pakamwa. Anagwera pa mtondo, mano awiri ali pansi. Atayesa kudzuka, wina anawaponda pamsana, wina anazula njerwa pakhonde. Anthu anali akutsika kuchokera kumaliro, ena osadziwa n'komwe chimene chachitika, koma miyala ili m'manja. Kalipentala anafika maso ali psuu, atanyamula thabwa lotsala pa bokosi la maliro.

Ndinatsomphola thumba lija ndi kulitambasula pamaso pawo. "Onani 60! Yathu imeneyi! Yodulidwanso! Munthu angadziphe yekha, eti? Werengani asanu ndi awiri, asanu ndi awiri, mufika pa 49 nokha!"

"Chokani apa, mayi, musafere limodzi."

Anandikankha, ndinagwa, mkono wanga unathyoka pansi pa phazi la munthu amene sindinamuone. Ndinakwawa nkugona pamwamba pa mutu wa amuna anga. Thabwa linandipeza ine pamapewa. Amayi a Mvano atafika anatizungulira ndi kuyamba kukuwa mayina a ana awo amene anali m'gulumo, mmodzimmodzi. Pamenepo anthu anatsitsa makasu, nasiya kumenya.

Amuna anga tinawanyamula pa ngolo kupita ku chipatala cha mishoni. M'njira magazi ankatuluka m'khutu. Sanalankhulenso. Anamwalira tisanafike pa geti.

Apolisi anatenga anthu angapo, anatenganso thumba. Mlandu utatha anandibwezera, lili ndi chidindo cha phazi pakati pake. Ndinali nditasamukira kale kwa achemwali anga ku Mpingu.

Ndinakhala nalo nthawi yaitali osalitsegula. Tsiku lina ndinagula cholembera chofiira pa golosale, ndinaliyala pa mkeka. Ndinayambira pa 49, kuwerenga asanu ndi awiri ndi chala. 56, 63, 70, odulidwa kale. Ndinadula 77. Ndinapitiriza, ndinadula 91. Kenaka ndinazunguliza onse otsala monga ankachitira amuna anga, kuyambira 11 mpaka 97. Pamodzi ndi anayi oyamba aja anakwana makumi awiri ndi asanu, monga anandiuzira Loweruka lija.

Ndinapita nalo ku sukulu ya kufupi ndi kwa achemwali. Aphunzitsi aakazi a Sitandade 6 analiyang'ana, nafunsa za chidindo cha phazi. Ndinawauza zonse. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti akatha kuphunzitsira azilipinda ndi kulitsekera mu ofesi, lisamagone panja.