Imelo ya Bungwe Lathu

Kampani ya ku Blantyre inati singagule mbatata ya bungwe lathu pokhapokha tikhale ndi imelo ya dzina la bungwelo. Monga mlembi, ndinapita ku Neno Boma kwa mkulu wina wokonza makompyuta. Anatigulira domeni, dzina lathu la pa intaneti, n’kuilumikiza ndi kampani yosunga maimelo. Maoda anayamba kubwera.

Chaka chitatha, imelo inangoti zii. Kukafunsa, akuti domeni imafunika kuilembetsanso chaka chilichonse, ndipo uthenga wokumbutsa unkapita kwa iwowo, chifukwa anailembetsa m’dzina lawo.

“Munkayenera kufunsa, mayi,” anatero akuseweretsa foni.

Ndifunse chiyani? Dzina tinasankha tokha pansi pa mtengo ku Matandani, mwini wake n’kukhala iwo eti!