Supuni ya Esnart

Mamililita 15 ndi amene amalowa m'supuni ya phala ya Esnart. Ndinayeza ndekha, sindikuchita kumva.

Esnart amagulitsa tomato pafupi ndi benchi langa la sopo ndi mchere pamsika wa Mitundu. Kwawo ndi ku Thyolo. Anabwera kuno ndi mwamuna wake Gilibati kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Sukulu analekezera sitandade 4, koma pa chenji simungamubere.

Mwana wawo Chipulumutso, wa chaka chimodzi, atatentha thupi, Gilibati anagula botolo la parasitamo wamadzi. Kapepala ka m'katoni kanali m'Chingerezi, ndipo kasupuni koyezera munalibe. Gilibati anakajambula pafoni n'kutumizira mkulu wake Dickson ku Nathenje kuti awafotokozere mwachidule. Dickson anayankha ndi uthenga wa mawu wopita kwa Esnart: "Musavutike, mlamu, ndi supuni imodzi, kanayi patsiku."

Supuni. M'nyumba ya tenanti supuni imene ilipo ndi ya phala. Esnart ankaidzaza bwinobwino, popeza ankafuna kuti mwana achire msanga.

Patapita masiku mwana anayamba kusanza, maso n'kuchita chikasu. Kuchipatala anati mankhwala amuchulukira ndipo avulaza chiwindi. Anamugoneka. Dickson atabwera kudzazonda, anayambira pakhomo.

"Mlamu, mankhwala a mwana n'kumamwetsa ngati thobwa?"

"Munati supuni, achimwene."

"Ya tiyi! Kodi ku Thyolo simumwa tiyi?"

"Timathyola, achimwene. Omwa ndi ena."



Mwana atatuluka, Esnart anabwera pabenchi panga ndi foni ya mwamuna wake. "Mchemwali, undiwerengere kapepalaka. Usandikometsere. Ngati alemba nambala, undiuze nambala."

Ndinakuza chithunzicho n'kulemba pakatoni ya sopo, m'Chichewa, n'kusiya manambala ndi miyezo momwe zinalili. Mphamvu yake: 120 mg mu 5 ml. Mwana wa miyezi 6 mpaka 24: 5 ml. Pakati pazidutsa maola osachepera 4, ndipo osapitirira kanayi pa maola 24. Osamwetsa kupyola masiku 3 osaonana ndi dokotala. Osaphatikiza ndi mankhwala ena okhala ndi parasitamo. Kusunga posatentha kupitirira 25°C, patali ndi ana.

"Mawu oti supuni ya phala alipo?" anafunsa.

"Palibe."

"Nanga za masiku atatuzo, Dickson anaziona?"

"Zili pachithunzi chomwechi."

Anabwerera kukaunjika tomato. Mwana ankamwa 15 ml m'malo mwa 5 ml, katatu kuposa muyezo, ndipo ku Nathenje mpaka lero akunena kuti Gilibati anakwatira mbuli.

Chipulumutso akadali wofooka, ndipo achipatala anamuletsa parasitamo mpaka atamuonanso. Lolemba Esnart apita naye kuti akayezenso magazi, ine ndidzamugulitsira tomato. Akabwerako ndipita ku tauni kukaoda majakisoni oyezera mankhwala, opanda singano, olembedwa ma ml, ndidzawaike pabenchi.