Sikirini Yobwereka ya a Magalasi

Pamsika ponse amawatchula kuti a Magalasi, chifukwa akamagwira ntchito amasanjikiza magalasi awiri pamphuno. Kashopu kawo n'kothina, moti munthu wonenepa amalowa cham'mbali. Akhalamo zaka khumi ndi zisanu akutsegula mafoni a anthu, ndipo mawu amawaumira ngati amachita kugula.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wosoka zovala, mtima uli m'mwamba. Sikirini ya foni yake inali itasweka n'kuda bii, ndipo mufonimo ndi momwe analemba miyezo ya anthu khumi ndi awiri operekeza ukwati wa Loweruka. Eniakewo anali atabwerera kale kwawo, kutali. Pashopu ina anali atamuuza mtengo wa sikirini, wopitirira pang'ono theka la mtengo wa foni yatsopano.

"Ndikonzetse kapena ndigule ina, achimwene?"

A Magalasi anagoneka foniyo patebulo lagalasi n'kuikankha pakona ndi chala. Inazungulira ngati nguli.

"Inagwa?"

"Ayi. Ndinangoipeza choncho m'chikwama."

"Foni yabwinobwino sivina chotere, mayi. Batire lafufuma, ndiye lakankha sikirini kuchokera mkati. Tikaika yatsopano lidzaiswanso. Mukaphatikiza sikirini, batire ndi ntchito yanga, mwatsala pang'ono kufika pa foni yatsopano, chonsecho iyi ndi nkhalamba. Kaguleni ina."

Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Munthu kukana ndalama yobwera yokha pakhomo! Koma mantha anamubwereranso.

"Nanga miyezo yanga?"

Bamboyo anafewetsa guluu ndi mpweya wotentha n'kutsegula foniyo kumsana. Batire lotupalo analinyamula mwaulemu ngati dzira, poti likabooka limayaka, n'kulumikiza lawo loyesera. Kenako anapatula foni ina yofanana nayo mu mulu wa mafoni akufa, yomwe inafera m'madzi koma sikirini ili bwino, n'kuchotsako sikiriniyo. Ndi kapani kopyapyala analowetsa kalamba ka sikiriniyo pamalo pake m'foni ya mayiyo, osamata chilichonse. Zala zazikulu ngati za wowotcherera zitsulo, koma sizinanjenjemere n'kamodzi komwe.

Sikiriniyo, ili lendee pambali, inawala. Mayiyo anagwira pachifuwa. Kunena zoona anachita nawo mantha pang'ono bambowo, ngati kuti waona munthu akudzutsa maliro.

"Tsegulani ndi nambala yanu yachinsinsi, ndiye mukopere. Sikiriniyi ndakubwerekani chabe."

Anamupatsa cholembera ndi chikuto cha katoni. Mayiyo anakhala pakampando n'kuyamba kulemba: chiuno, chifuwa, mapewa, msinkhu. Atafika pa munthu wachisanu ndi chiwiri misozi inagwera pakatoni, nambala imodzi n'kufufutika.

A Magalasi, amene ankaoneka ngati atanganidwa ndi foni ya wina, sanadzutse n'komwe mutu.

"Chiuno chimenecho ndi 34, mayi. Lembaninso musanalakwire mwana wa eni."