Mtengo wakale wa sipuleya

Chaka chija thonje litagulidwa, alamu anga ananditenga kuti tikaone sipuleya yopopera mankhwala m'sitolo ina ku Katete. Pachitseko anali atamata pepala lakuti mitengo yatsika ndi 20 peresenti, ndipo pa sipuleyayo panalembedwa K800. Mtengo wakale sunalembedwe paliponse.

Alamuwo anawerengera pa foni. Anapeza 20 peresenti ya K800, yomwe ndi K160, n'kuwonjezera.

"Inali K960," anatero akumwetulira.

"Ayi alamu, peresentiyo anaichotsa pa mtengo wakale, osati pa uwu," ndinawayankha. "Pa K100 iliyonse achotsa K20, yatsala K80. Mu K800 muli ma K80 khumi. Ndiye kuti ma K100 analinso khumi. Inali K1,000."

Anayesa kuchotsa K200 pa K1,000, inatsaladi K800. Chimwemwe chawo chinawonjezeka, ati apulumutsa ndalama zambiri.

Koma ine, milungu itatu m'mbuyomo ndinali nditagula sipuleya yamtundu womwewo, m'sitolo yomweyo, pa K780, popanda pepala lililonse pachitseko.

Ndinafunsa mwini sitolo kuti K1,000 imeneyo anagulitsapo liti. Anandiyang'ana kuyambira kumapatapata mpaka kumutu.

"Inu bambo, mwabwera kugula kapena kuphunzitsa masamu?"

Panja panali mzere wa alimi anzathu, ndalama za thonje atazimanga pansonga ya chitenje. Alamu anga anagulabe, poti mbozi sizidikira. Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti polandira sipuleyayo anawomba m'manja, n'kunena kuti zikomo kwambiri potiganizira.