Kalata Imene Tinalembera a Gidiyoni

A Gidiyoni Chimphepo anabadwira ku Ganya, koma ukwati unawatsitsira kuno ku Golomoti, pachikamwini. Anali ndi satifiketi ya Fomu 4 ndi dzanja lolemba bwino. Analima munda wa apongozi awo zaka zisanu ndi zinayi, akutchedwabe obwera. Chimene ankafuna n'chakuti pamudzipo aziwerengedwa ngati munthu.

Mu 2004 gulu lathu la alimi a mpunga linafuna kalaliki wa kunyumba yosungiramo zokolola. Ine ndinali mlembi wa komiti. Pa intaviyu yomaliza panatsala anthu awiri. A Gidiyoni anayankha bwino, mpaka kutisonyeza mmene amadziwira mpunga wosauma pouluma ndi mano. Koma mnzawoyo, mayi wa ku Mtakataka, anali atasungapo katundu zaka zinayi pasitolo ya feteleza. Tinatenga mayiyo.

"Olephera sitiwalembera," anatero apampando. "Mwezi ukatha amadziwa okha."

Ine ndinati munthu wotere asadikire pachabe. Ndinalemba, apampando n'kusayina:

"Okondedwa a Chimphepo, tikuthokoza kuti munabwera. Tikukudziwitsani kuti ntchito ija sitinakutengeni. Munali mmodzi wa awiri omaliza, ndipo komiti inakondwera ndi mmene mumaudziwira mpunga. Tasankha munthu amene anagwirapo kale ntchito yosunga katundu. Mpata wina ukapezeka, mudzalemberenso."

Wanjinga amene tinamutuma anapeza a Gidiyoni atapita kudimba, n'kusiyira kalatayo akazi awo, a Fagness. Iwo sanatsegule, poti kalata ya mwamuna. Koma mayi awo ataona chidindo pa envulopu anati, "Wolephera amamulembera ndani?" Anaimba nthungululu, n'kupha tambala, chinthu chimene anali asanachitirepo mkamwiniyo.

A Gidiyoni anafika miyendo ili matope okhaokha, anthu atadzaza pabwalo.

"Bwana kalaliki!" anafuula alamu awo, a Ezekiele. "Werengani mokweza, alamu, nafenso timve kukoma!"

Anawerenga yonse, osadumpha liwu ngakhale limodzi.

"Ndiye akuti mwakhoza, koma mwalephera?" anatero a Ezekiele. "Nanga tambalayu timuukitse?"

Apongozi sanayang'ane mkamwini. Anauza mwana wawo: "Iwe Fagness, uwafunse amunako ngati mawu okomawa amathiridwa mundiwo."

Kuyambira tsikulo, akamadutsa pachigayo anthu ankawaitana kuti a Mmodzi wa Awiri. Mvula isanagwe, anapita kukagwira utenanti wa fodya ku Kasungu, nati adzatenga banja akakhazikika. Zaka ziwiri ankatumiza moni. Kenako moniyo anasiya kubwera.

Ndamufunsa kambiri Mulungu za kalata imeneyi. Munalibe bodza ngakhale mwano. Ndikanamvera apampando, nkhaniyo ikanazilala yokha, munthuyo n'kumalimabe munda uja.

Ine ndi a Fagness timapemphera tchalitchi chimodzi. Nthawi yopatsana mtendere ikakwana amandipatsa dzanja, maso ali kuguwa.